Musanagule giyabokosi ya konveya, yambani mwayeza lamba ndi katundu

Mota wamba ya magetsi, ya mapolo anayi, imazungulira pafupifupi ka 1440 pa mphindi imodzi ikalumikizidwa ku magetsi athu a 50 Hz. Mutati muimange mwachindunji ku pule yokoka lamba wa konveya, pule ya mamilimita 320 m'mimba mwake, lambayo angathamange mamita 24 pa sekondi, kutanthauza makilomita oposa 80 pa ola. Thumba la chimanga silingakhale pa lamba wotere, ndipo motayo singathe n'komwe kumudzutsa ali ndi katundu. N'chifukwa chake pakati pa mota ndi pule pamakhala giyabokosi. Ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro, ndipo pamene liwiro latsika mphamvu yopotokola shafiti imakwera. Mphamvu yopotokolayi amakaniko amaitchula kuti toki.

Anthu ambiri amagula giyabokosi poyang'ana kukula kwa mota: mota ndi ya makilowati awiri, ndiye mundipatse giyabokosi ya makilowati awiri. Ena amangotenga imene yapezeka kwa ogulitsa zitsulo zakale, bola shafiti ikulowa. Njira zonse ziwirizi zimayambira kolakwika. Mota ndi giyabokosi ndi zomalizira kusankha. Choyambirira ndi lamba, liwiro limene akufunika kuyenda, ndi katundu wolemera kwambiri amene adzapezeke pamwamba pake tsiku loipa.

Tiyeni titenge konveya imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Ndi ya m'nyumba yosungiramo chimanga, imakweza matumba a makilogalamu 50 kuchoka pansi kupita pamwamba pa mulu kapena m'lole. Ndi yotalika mamita 12, ndipo mutu wake uli mamita 4 kuchokera pansi. Mwini wake akufuna matumba 600 pa ola, amene ndi matani 30. Lamba ndi wa mizere yotukuka kuti matumba asaterereke, ndipo amayenda pa marola.

Liwiro limachokera kwa anthu ogwira ntchitoyo. Pamwamba pali amuna olandira matumba pa phewa, ndipo thumba likamabwera mothamanga limawagwetsa kapena kuwapweteka msana. Theka la mita pa sekondi ndi liwiro limene munthu angalandire nalo thumba bwinobwino. Matumba 600 pa ola ndi thumba limodzi pa masekondi 6 aliwonse, ndiye pa liwiro limeneli matumbawo amatalikirana mamita 3. Malo alipo okwanira.

Tsopano pule. M'mimba mwake muyenera kuyezedwa pamodzi ndi labala wokutira pamwamba pake, chifukwa lamba amakhudza labalayo. Pule ya chitsulo ya mamilimita 300 yokutidwa ndi labala wa mamilimita 10 imakhala ya 320. Ikazungulira kamodzi imakoka lamba utali wa 3.14 kuchulukitsa ndi 0.32, kumene ndi mita imodzi ndi kakang'ono. Lamba woyenda theka la mita pa sekondi amayenda mamita 30 pa mphindi, choncho pule iyenera kuzungulira ka 30 pa mphindi. Polemba mwachidule, v kukhala liwiro la lamba, D m'mimba mwa pule, n kuzungulira kwa pule pa mphindi, ndi i resho:

```
n = 60 × v / (3.14 × D) = 60 × 0.5 / (3.14 × 0.32) ≈ 30
i = 1440 / 30 = 48
```

Resho yathu ndi 48:1. Mota izungulire ka 48 kuti pule izungulire kamodzi. M'katalogi ya wogulitsa mwina simupezamo 48 yeniyeni, mupeza 47 ndi kadontho kapena 50. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Ndi 50:1 pule izungulira ka 28.8 pa mphindi ndipo lamba ayenda mamita 0.48 pa sekondi, kusiyana kumene olandira matumba sangakuzindikire. Chofunika kusamala ndi nambala ya mota: muwerenge pa kachitsulo kokhomedwa pa motayo, chifukwa ya mapolo awiri imazungulira pafupifupi ka 2900, ndipo ya mapolo asanu ndi limodzi pafupifupi ka 950. Munthu akasintha mota yopsa ndi ina ya makilowati ofanana osawerenga nambala imeneyi, lamba amayamba kuthamanga mowirikiza kawiri ndipo amalephera kukwera ndi katundu.

Resho yapezeka mosavuta. Pamene pamafunika kudekha ndi pa toki, chifukwa apa mpamene magiyabokosi amafera.

Pa kayendedwe ka masiku onse lamba wa mamita 12 amakhala ndi matumba anayi, makilogalamu 200. Konveya imakwera mita imodzi pa mamita atatu aliwonse, ndiye gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemerako limakokera lamba kubwerera pansi. Kilogalamu imodzi imakoka ndi manyutoni 9.81, choncho matumba anayiwo amafuna manyutoni pafupifupi 650 kuti akwere. Palinso kukhuzana kwa marola, maberingi ndi lamba mwiniwake. Tinene kuti lamba ndi zonse zozungulira zimalemera makilogalamu 250. Pa konveya yaifupi ya m'fumbi ngati iyi ndi bwino kuwerengera kuti kukhuzana kumadya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse koyenda, ndipo pa makilogalamu 450 zimenezi zikupereka manyutoni pafupifupi 440. Zonse pamodzi ndi manyutoni 1100. Kuchulukitsa ndi theka la m'mimba mwa pule, mamita 0.16, tikupeza toki ya manyutoni-mita 176. Mphamvu yake ndi mawati 550 okha, kungopitirira theka la kilowati.

Amene angaime pamenepa n'kugula mota ya makilowati 0.75 ndi giyabokosi yaing'ono adzasangalala sabata yoyamba. Koma aliyense amene anaonapo lole ikutsitsidwa madzulo amadziwa kuti aganyu sayeza mamita atatu pakati pa thumba ndi thumba. Amalipidwa potengera matumba, mvula ikuopseza, ndiye amasanja matumba mogundana. Lamba yemweyo amanyamula matumba 12, makilogalamu 600. Mphamvu yokwezera imafika manyutoni 1960, ya kukhuzana 830, pamodzi pafupifupi 2800. Toki pa shafiti ya pule yakwera kufika manyutoni-mita 450, ndipo mphamvu yofunika ndi makilowati 1.4. Kuti mumvetse 450 ameneyu, ndi kupotokola kumene kungabwere mutapachika makilogalamu 45 kumapeto kwa chitsulo chotalika mita imodzi chomangidwa pa shafitiyo. Ine ndimati nambala yoona ya konveya imeneyi ndi 450, ndipo 176 uja ndi wongothandiza kuwerengera magetsi.

Pamwamba pa nambalayi opanga magiyabokosi amafuna kuti muwonjezere malo opumira, amene amatchedwa sevisi fakita. Makina ogwira maola ochepa ndi katundu wofatsa amapatsidwa 1.0. Ogwira maola 8 mpaka 10, oimitsidwa ndi kudzutsidwa kawirikawiri, komanso oponyeredwa katundu, amapatsidwa pakati pa 1.25 ndi 1.5. Matumba amachita kuponyedwa pa lamba, choncho titenge 1.4. Giyabokosi yathu ikhale yolembedwa kuti imapirira toki yosachepera manyutoni-mita 630 pa resho imeneyi. Ngati m'katalogi muli ya 600 ndi ya 800, tengani ya 800.

Tafika pa mtundu wa giyabokosi. Itatu imene imapikisana pa ntchito ngati iyi ndi ya helikali, ya wemu ndi ya pulanetale.

Ya helikali ili ndi magiya a chitsulo cholimbitsidwa, a mano odulidwa mopendekeka. Kupendekekako kumachititsa kuti dzino lilowe mwa linzake pang'onopang'ono, ndipo mano angapo amagwira nthawi imodzi, ndiye phokoso limachepa poyerekeza ndi magiya a mano oongoka. Mano ake amagubuduzana kwambiri kuposa kukhuzana, choncho mphamvu yotayika ndi yochepa, pafupifupi magawo awiri pa 100 pa sitepe iliyonse ya magiya awiri. Sitepe imodzi siipereka resho yaikulu, nthawi zambiri imalekezera pa 6 kapena 7, ndiye kuti mufike pa 48 pamafunika masitepe awiri kapena atatu m'bokosi limodzi. Ngakhale zili choncho, mwa magawo 100 a mphamvu yolowa, pafupifupi 95 amatulukira ku shafiti. Pa konveya yathu yodzaza, mota iyenera kupereka 1.4 kugawa ndi 0.95, amene ndi makilowati 1.47. Mota ya makilowati 1.5 ikukwanira. Tingatsimikizirenso mbali ina: mota imeneyi ili ndi toki ya manyutoni-mita pafupifupi 10, kuchulukitsa ndi 48 ndi 0.95 tikupeza 455, kungodutsa pang'ono 450 amene tikufuna. Kumalo kumene magetsi amakonda kufika ofooka ndi nzeru kukwera pa mota ya 2.2, koma mukatero kumbukirani kuti mota imeneyo ingathe kukankhira manyutoni-mita oposa 660 m'giyabokosi lamba akakodwa, ndiye ya 800 ija yasanduka yokakamiza.

Ya wemu ndi yosiyana kotheratu. Mkati mwake muli shafiti ya chitsulo yokhala ndi mazinga ngati a bawuti, imene imazunguliza gudumu la buronzi, mkuwa wosakaniza. Ngati mazingawo ali ndi poyambira pamodzi, shafiti ikazungulira kamodzi gudumu limasuntha dzino limodzi lokha, choncho gudumu la mano 50 limapereka 50:1 pa sitepe imodzi. Ubwino wake wonse wagona pamenepo. Zipangizo zake ndi zochepa, mtengo wake pa makina aang'ono ndi wotsika, imayenda mwakachetechete, ndipo shafiti yotulukira imakhota ngodya, kotero mota imagona m'mbali mwa konveya osatulukira kunjira. Zambiri zimakhala ndi shafiti ya bowo imene imangovekedwa pa shafiti ya pule.

Koma mazinga aja sagubuduzika pa mano a gudumu, amachita kukhuza, ndipo kukhuza ndi kutentha. Pa resho yaing'ono ngati 10:1 giyabokosi ya wemu imatha kutulutsa magawo 85 kapena kuposerapo. Resho ikamakwera mazinga amagona kwambiri ndipo zotayika zimachuluka, kotero pa 50:1 yembekezerani magawo a pakati pa 60 ndi 70. Titenge 65. Kuti pule ilandire makilowati 1.4, mota iyenera kupereka 2.15, ndiye mota ya 2.2 ili pamalire penipeni. Podzuka zinthu zimaipiraipira, chifukwa oyilo asanalowe pakati pa mazinga ndi mano kukhuzana kumakhala kwakukulu, ndipo giyabokosi yatsopano imene mano ake sanazolowerane imataya mphamvu yambiri kuposa imene yalembedwa m'katalogi. Konveya yodzaza imene yaima pakati imatha kukana kudzuka, mota n'kumangolira, ndipo ambiri amamaliza ndi kugula ya makilowati 3.

Mphamvu yotayikayo siisowa, imakhala m'bokosimo. Pa katundu wodzaza giyabokosi ya helikali imasandutsa mawati pafupifupi 75 kukhala kutentha, pamene ya wemu imasandutsa 750. Kuli ngati kutsekera ayironi yaing'ono yoyaka m'kabokosi ka oyilo. Kutentha kumeneku kuyenera kutuluka kudzera pa khungu la bokosilo, ndipo n'chifukwa chake makatalogi amalemba malire awiri, a toki ndi a kutentha. Malire a kutenthawo amawerengeredwa pa mpweya wa madigiri amene wopanga wasankha, kawirikawiri 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kunja kokha kumadutsa madigiri 40, ndipo pansi pa denga la malata kumaposa pamenepo. Onjezerani fumbi la chimanga lomatirira pa zipsepse zoziziritsira. Oyilo wamba akamakhalitsa pamwamba pa madigiri 90 amapyapyala ndi kukalamba msanga, masilo amauma n'kuyamba kudontha, ndipo gudumu la buronzi limadyeka.

Kodi ndiye kuti wemu ndi yoipa? Ayi, funso ndi maola. Pa katundu wa masiku onse, mawati 550 aja, helikali imakoka pafupifupi 580 kuchokera ku mota ndipo wemu pafupifupi 850. Kusiyana ndi mawati 270. Konveya yogwira maola 8 pa tsiku kwa masiku 300 pa chaka idzawotcha mayunitsi owonjezera pafupifupi 650 chaka chilichonse, osawerengera mota yokulirapo, mawaya ake, ndi jenereta yaikulu ngati mumadalira dizilo. Koma konveya ya kopaletivi ya alimi, yogwira masiku 60 a nyengo yokolola basi, imangotaya mayunitsi 130, ndipo ndalama yopulumutsidwa pogula ingatenge zaka zambiri kuti ithe. Pa makina a nyengo, a mphamvu yochepa, wemu ndi chisankho chaulemu. Pa makina a tsiku ndi tsiku m'chigayo chachikulu kapena m'fakitale, ine sindingaiike pa resho ya 50:1.

Pali njira ziwiri zapakati kwa amene akufuna kukhota kwa ngodya kuja. Ina ndi giyabokosi yophatikiza sitepe ya helikali kutsogolo ndi wemu ya resho yaing'ono kumbuyo, imene pa resho ngati yathu imatulutsa magawo a m'ma 70 kapena 80. Ina ndi ya helikali yokhala ndi magiya a bevo, amene amakhotetsa shafiti osataya mphamvu yambiri, magawo 94 kapena 95 n'kumatulukabe. Yachiwiriyi ndi yodula, koma ndi imene mumaipeza kawirikawiri pa makonveya akuluakulu ogwira usana ndi usiku.

Tsopano nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imakhudza miyendo ya anthu. Magetsi akazima lamba ali wodzaza, matumba 12 aja amakokera pansi ndi manyutoni 1960, pamene kukhuzana kumagwira 830 okha, mwinanso ochepera ngati marola ndi atsopano. Manyutoni oposa 1100 otsalawo amabweza lamba. Giyabokosi ya helikali siikaniza chilichonse. Monga imadutsitsa mphamvu mosavuta kuchoka ku mota, imaidutsitsanso mosavuta kuchoka ku pule, ndipo makilogalamu 600 amatsikira pa munthu amene waima kumunsi akusanja matumba. M'dziko limene magetsi amazima osatsanzika, zimenezi zidzachitika ndithu, ndipo sizitenga chaka.

Ogulitsa ena amati wemu imadzitseka yokha, ndiye simufunika buleki. Muli choona pang'ono. Mazinga akagona kwambiri, madigiri pafupifupi 5 kapena kucheperapo, gudumu limalephera kuzunguliza shafiti ya mazinga likakhala chiimire, ndipo zimenezi zimaoneka pa maresho akuluakulu. Koma kudzitseka kumeneku kumadalira kukhuzana, ndipo kukhuzana kumatsika giyabokosi ikazolowera, oyilo akatentha, kapena makina oyandikana nawo akamanjenjemeretsa pansi. Gudumu likangoyamba kuyenda chobwerera limatha kupitiriza. Opanga magiyabokosi eni ake amachenjeza kuti kudzitseka kusatengedwe ngati buleki pamene pali ngozi kwa anthu. Resho ya 50:1 ili pamalire pamene lero igwira, mawa osagwira.

Mankhwala ake ndi awiri, ndipo kusankha kumadalira ngati konveya imayenda mbali imodzi kapena ziwiri. Bakisitopu ndi kachipangizo kolola shafiti kuzungulira mbali imodzi yokha, ndipo kamagwira nthawi yomweyo lamba akafuna kubwerera. Safuna magetsi. Koma konveya zambiri za m'nyumba zosungiramo mbewu zimagwiritsidwanso ntchito potsitsa matumba pa mulu, ndipo bakisitopu sangalole zimenezo. Pamenepo pafunika mota ya buleki, imene masipuling'i ake amamanga buleki magetsi akangochoka. Ngati mwaika bakisitopu, wamagetsi ayambe wayesa mbali imene mota ikuzungulira isanalumikizidwe ku giyabokosi, chifukwa mawaya awiri a mafezi akasinthana mota imalimbana ndi bakisitopu ndipo china chimathyoka. Konveya yosunthidwa kuchoka pa soketi iyi kupita pa ina ili pa ngozi imeneyi nthawi zonse.

Ya pulanetale ndiifotokoza mwachidule, poti pa konveya yathu siifunika kwenikweni. Pakati pali giya yaing'ono, moizungulira muli magiya atatu kapena anayi omangidwa pa chonyamulira chimodzi, ndipo onsewo amayenda mkati mwa mphete ya mano a m'kati imene siizungulira. Resho ya sitepe imodzi imapezeka pogawa mano a mphete ndi mano a giya yapakati n'kuwonjezera 1. Mphete ya mano 72 ndi giya yapakati ya mano 18 zikupereka 5:1. Sitepe imodzi imapereka pakati pa 3 ndi 10, ndipo masitepe awiri a 7 akupereka 49. Popeza katundu amagawidwa pa magiya angapo nthawi imodzi, bokosi laling'ono limanyamula toki yaikulu, ndipo mphamvu yotayika ndi magawo atatu okha pa 100 pa sitepe iliyonse. Ndi magiya amtundu womwewu amene amayendetsa matcheni a makina okumba nthaka.

Malo ake enieni ndi pamene liwiro ndi lochepa kwambiri koma toki ndi yoopsa. Ganizirani chodyetsera miyala cha mbale za chitsulo pansi pa hopa ku kwale, chimene shafiti yake imazungulira katatu pa mphindi ndi toki ya manyutoni-mita 30,000. Mphamvu yake ndi makilowati 9 ndi theka basi, koma resho ndi 480:1. Giyabokosi ya helikali ya toki imeneyo ndi chimphona chofuna maziko akeake, pamene ya pulanetale ya masitepe anayi imangopachikidwa pa shafiti. Kuipa kwake n'kwakuti kuchepa kwa bokosi kumachepetsanso oyilo ndi khungu lotulutsira kutentha, ndiye pa makina othamanga osapuma imafuna choziziritsira. Ikawonongeka, dzino limodzi lothyoka limayendayenda m'magiya onse, ndipo zipangizo zake si zoti n'kusula pa shopu ya m'tauni. Pa manyutoni-mita 630 mukulipira kuchepa kwa bokosi kumene simukukufuna.

Kwa konveya ya matumbayi, ngati ikugwira chaka chonse, ndingasankhe helikali. Ndipo pali kamangidwe kena ka helikali kamene kamayenerana bwino ndi malo akutali ndi mizinda: giyabokosi yovekedwa pa shafiti ya pule, yoyendetsedwa ndi mota kudzera pa malamba a V. Imapezeka ndi maresho ochepa, monga 13:1 ndi 20:1, ndipo chotsalacho chimachokera ku mapule. Ndi 20:1 mukufunika 2.4 wowonjezera, ndiye pule ya mamilimita 100 pa mota ndi ya 240 pa giyabokosi zikupereka 48 yathu ija. Malambawo amadya magawo ena ochepa a mphamvu, choncho apa mota ya 2.2 ndiyo yoyenera. Phindu lake n'lakuti liwiro mungalisinthe pogula pule ina, lamba wa konveya akakodwa malamba a V amaterereka mano asanathyoke, ndipo zambiri zimakhala ndi malo oikamo bakisitopu. Malambawo atchingidwe ndi chivindikiro, chifukwa zala ndi nsonga za zovala zimalowa pamenepo.

Ena masiku ano amati resho ilibe ntchito poti pali invata yochepetsera liwiro la mota. Yesani kuwerengera. Giyabokosi ya 20:1 yolumikizidwa mwachindunji ku mota ya makilowati 1.5 ingapereke kuzungulira ka 30 pa mphindi ngati invata itatsitsa mota kufika ka 600. Liwiro lakwana, koma invata siichulukitsa toki. Mota ikuperekabe manyutoni-mita 10, kuchulukitsa ndi 20 ndi 0.95 ndi 190 okha, pamene lamba wodzaza akufuna 450. Komanso fani ya mota ili pa shafiti yomweyo, ndiye pa liwiro lotsika chotere siiziziritsa mokwanira. Invata ndi yabwino podzutsa lamba mofatsa ndi posintha liwiro pang'ono, koma resho ikhale yoyenera kale.

Chimodzi chimene chimaiwalika ndi kukoka kwa m'mbali pa shafiti yotulukira. Mukayendetsa pule ndi tcheni, sipuroketi ya pa giyabokosi imakokera shafiti mbali imodzi, ndipo sipuroketi ikachepa kukokako kumakula. Toki ya 450 pa sipuroketi ya mamilimita 150 m'mimba mwake ikutanthauza manyutoni 6000 pa shafiti ndi maberingi ake. Katalogi imalemba malire a kukoka kumeneku, poganiza kuti sipuroketi ili pakati pa utali wa shafiti. Mukaikankhira kunsonga malirewo amatsika. Giyabokosi imene ikudya beringi ya kutsogolo mobwerezabwereza, kapena imene shafiti yake yaduka pafupi ndi phewa, vuto lake kawirikawiri limakhala limeneli, ngakhale mano ali bwinobwino.

Makina akamangidwa, mawerengero onsewa ayesedwe pa tsiku loyamba. Lembani mzere wa choko pa lamba n'kuwerenga masekondi amene utenge kuchoka kumunsi kufika kumutu. Pa mamita 12 ayenera kukhala pafupifupi 24. Ngati ndi ochuluka kwambiri lamba akakhala ndi katundu koma pule ikuzungulira bwino, lamba akuterereka pa pule, ndipo chofunika ndi kumukunga kapena kusintha labala, giyabokosi ilibe mlandu. Kenako dzazani lamba dala, matumba mogundana, pasakhale munthu kumunsi, ndipo wamagetsi ayeze maampu pa waya uliwonse n'kuyerekeza ndi olembedwa pa mota. Muzimitse ali wodzaza choncho kuti muone ngati akubwerera, kenako mudzutsenso. Pakatha maola awiri kapena atatu akugwira ntchito, yezani kutentha kwa bokosi. Dzanja si muyezo wabwino, chifukwa chitsulo cha madigiri 60 chimaotcha kale pamene giyabokosi ya wemu imagwira bwino pa madigiri 70. Chodetsa nkhawa ndi kutentha kumene kukukwerabe osakhazikika.

Pa konveya yopendekeka giyabokosi nayonso imapendekeka, ndiye mulingo wa oyilo ndi malo a kachibowo kopumira zisankhidwe molingana ndi kaimidwe kameneko. Zambiri zimabwera kachibowoko katatsekedwa kuti oyilo asatayike pa ulendo, ndipo kakaiwalika mpweya wotentha umakankha oyilo kudzera m'masilo. Oyilo wa wemu amakhala wokhuthala, wa nambala 320 kapena 460, pamene helikali kawirikawiri imafuna 220. Oyilo wa magiya a galimoto musamuthire mu wemu musanawerenge chimene wopanga analemba, chifukwa mitundu ina ili ndi safa amene amadya buronzi pakatentha. Ngati bokosi linabwera ndi oyilo wa poligilayikolo, musasakanize ndi oyilo wamba, chifukwa awiriwa sagwirizana. Posintha oyilo, mukhetsereni m'beseni loyera n'kumuyang'ana padzuwa. Tizidutswa tonyezimira ngati golide pang'ono pa kusintha koyamba ndi mano a buronzi akuzolowerana. Tikapezekanso tambiri pa kusintha kwachiwiri, gudumu likudyeka, ndipo muyenera kubwerera ku toki ndi kutentha kuti muone chimene chapitirira malire.